Kuchoka pa 60 Kufika pa 45

Ku Libuyu, chakumapeto kumene tala amathera mumchenga, kuli loji ya zipinda zisanu ndi chimodzi ya mayi wina dzina lake Lonah Mukatimui. Mpanda wake ndi wa njerwa zosapaka pulasitala, ndipo chikwangwani cha pageti chinafwifwa kalekale ndi dzuwa. Mlendo wofika ku Livingstone koyamba sangaipeze yekha lojiyo. Ambiri ogona m'menemo amachita kubweretsedwa, ndipo kwa zaka zingapo wowatumiza anali munthu mmodzi, mlamu wake, a Mutumba Muyoba.

A Mutumba ali ndi loji yaikulu kufupi ndi tauni, ya zipinda makumi awiri ndi dziwe losambiramo. Eni maloji a m'tauni muno ali ndi kachitidwe kawo. Loji ikadzaza, mlendo sabwezedwa pageti. Amamukweza takisi n'kumutumiza kwa mnzawo amene amamukhulupirira. Palibe pangano lolemba, ndi foni chabe: "Nili na anayi, muli na malo?" Pafupifupi theka la alendo a Lonah linkabwera ndi foni imeneyi. Iye ankadziwa bwino kuti tsiku limene foniyo idzasiye kulira, zipinda zitatu zidzayamba kugona zokha.

Lonah anabadwira ku Senanga. Anabwera ku Livingstone akali wamng'ono, bambo ake atapeza ntchito kunjanji, ndipo anakulira kukomboni ya Maramba m'nyumba ya zipinda ziwiri imene munkagona anthu asanu ndi anayi. Kusukulu sanali wa nambala wani, koma masamu ankamumvera. Atamaliza anaphunzira za maakaunti madzulo, usana akugulitsa m'sitolo ya nsalu. Kenako analembedwa ntchito pahotela ina yaikulu ya m'mbali mwa Zambezi, mu ofesi yosungitsa malo. M'mawa uliwonse ntchito yake yoyamba inali kuuza manejala kuti pa zipinda zonse ndi zingati zagonedwa, ndipo kumapeto kwa mwezi ankayerekezera ndi mwezi womwewo wa chaka chatha. Anagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, mpaka inamulowa m'magazi. Munthu akamuuza kuti chinthu chakwera, iye ankafunsa asanasangalale: chakwera kuchokera pati?

Mwamuna wake, Litia, anali mng'ono wa a Mutumba, ndipo ankayendetsa boti la alendo okaona dzuwa likulowa pamtsinje. Awiriwa anamanga loji yawo chipinda chimodzichimodzi, chaka china malata, chaka china zitseko. Chipinda chachisanu ndi chimodzi chitatha, Lonah anasiya kuhotela n'kumayang'anira zake.

Kenako kunabwera matenda a korona. Malire anatsekedwa, ndege zinaima, ndipo tauni imene imadya ndi alendo inakhala chete. Kumathithi a Zambezi anyani ankayenda pamalo oimika magalimoto popanda wowathamangitsa. Osema ziboliboli a m'mudzi wa Mukuni anakulunga katundu wawo m'masaka. Oyendetsa maboti, ophika, oyala mabedi, onse anabwerera kumakomboni kukagulitsa tomato kwa anzawo amene nawonso ankagulitsa tomato. M'nyengo yozizira ya 2021 matendawo anamutenga Litia.

A Mutumba ndiwo ananyamula maliro onse. Achibale ena atafika kuchokera kumudzi ndi maso pa loji, a Mutumba anaimirira pabwalo n'kunena kuti njerwa iliyonse ya pamenepo ndi ya mkazi wamasiye ndi ana ake, ndipo wofuna kukangana akangane ndi iwo. Nkhani inathera pomwepo. Alendo atayamba kubwerera pang'onopang'ono, takisi yoyamba kuima pageti la Lonah inachokera kwa iwo. Zimenezi Lonah sanaziiwale, ndipo palibe amene anganene kuti anaziiwala.

Chaka chomwecho cha 2021 eni maloji makumi awiri anapanga bungwe kuti azilankhula ndi mawu amodzi popempha thandizo. Anasankha a Mutumba kukhala wapampando. Anaikanso lamulo lakuti lipoti la wapampando lisawerengedwe pamsonkhano waukulu mpaka membala mmodzi wosankhidwa aliunike ndi kusaina. Udindo umenewu anapatsa Lonah, chifukwa anali wa maakaunti komanso chifukwa panalibe wina woufuna. Zaka ziwiri zoyamba anasaina popanda vuto.

Kumayambiriro kwa 2024 nthawi ya a Mutumba pampando inali kutha, ndipo ankafuna kusankhidwanso. Anali ndi ganizo lalikulu: mamembala apite pamodzi kwa obwereketsa ndalama kuti aliyense awonjezere zipinda. Lipoti la ulendo uno sanalilembe okha. Analemba ganyu a Dabwitso Liseli, bambo wodziwika polembera mabungwe malipoti, waulemu ndiponso wa Chingerezi chosalala. Lipotilo linafika kwa Lonah Lolemba, ndipo msonkhano unali Loweruka.

Analiwerenga pakhonde masana, nsalu za pabedi zikuuma pachingwe. Patsamba loyamba panali mawu akuluakulu akuti alendo akwera ndi 150 peresenti, kuti maloji atuluka m'mavuto ndipo tsopano zipinda zayamba kuchepa. Lonah anatukula maso n'kuyang'ana zitseko zake. Ziwiri zinali zotsegula kuti mupite mphepo, chifukwa munalibe munthu.

Anapitiriza kuwerenga. Chapakati lipotilo linkanena za kudzaza kwa zipinda, ndiko kuti pa zipinda 100 zilizonse ndi zingati zimagonedwa. Linati mu 2021 zinali 18, mu 2023 zinafika 45, choncho kudzaza kwakwera ndi 27 peresenti. Apa anaima. Maloji ndi omwewo, zipinda sizinawonjezeke. Zingatheke bwanji alendo kukwera ndi 150 peresenti, mabedi ogonapo alendowo n'kukwera ndi 27 yokha? Anatenga pensulo. Kuchoka pa 18 kufika pa 45 kusiyana kwake ndi 27, zoona, koma 27 ameneyo ndi mapointi, kungochotsera nambala ina pa inzake. Kuti udziwe kuti chinthu chakula ndi maperesenti angati, umagawa kusiyanako ndi nambala imene unayambira. Akagawa 27 ndi 18 ankapeza 1.5, ndiye 150 peresenti yomwe ija. Masamba awiriwo ankanena chinthu chimodzi, koma lina linasokoneza mapointi ndi maperesenti.

Ichi chinali cholakwa chaching'ono, chokonza ndi mawu amodzi. Chachikulu chinali kumapeto, patebulo la manambala limene a Dabwitso anaika poyera kuti aliyense aone. Mu 2021 maloji makumi awiri aja analandira alendo 12,000, ndipo mu 2023 analandira 30,000. Masamu a 150 peresenti anali olondola, pakuti 18,000 owonjezerawo ndi 12,000 kamodzi ndi theka. Koma pamwamba pa tebulo lomwelo panali mzere wa 2019, manambala amene mamembala anapereka okha polowa m'bungwe. Alendo anali 40,000, ndipo zipinda zogonedwa zinali 60 pa 100 zilizonse. Lonah anayamba waona ngati maloji a m'mizere itatuyo ndi omwewo, chifukwa maloji akawonjezeka nambala imakwera yokha. Anali omwewo. Choncho pa alendo anayi alionse amene ankabwera matenda asanafike, mmodzi anali asanabwerere. Lipoti linayeza kutalika kwa munthu kuchokera pansi pa dzenje limene anagweramo.

Cholakwa chimenechi n'chosavuta kuchita ku Livingstone. Kuno anthu amawerenga zinthu kuyambira chaka chimene tauni inali yopanda alendo. Mwana uyu anabadwa korona isanathe, denga ili tinakhoma alendo atabwerera, uje anamwalira nthawi ya mamasiki. Ndipo bungwe lenilenilo linabadwa mu 2021, mafayilo ake amayambira pamenepo. Wolemba lipoti la bungwe akayambira 2021 amaona ngati wayambira pachiyambi.

Mawa lake Lonah anakwera minibasi kupita kutauni. A Dabwitso ali ndi kaofesi kuseri kwa sitolo yokopera mapepala, kokwana tebulo limodzi ndi mipando iwiri.

"Ba Lonah, mwabwera na pensulo kumanja. Nalakwa chani?"

"Simunalakwe vambiri. Viwiri chabe."

Anawaonetsa tsamba la 27 peresenti. A Dabwitso anayang'ana, n'kugwira mutu akuseka.

"Awe, iyi ni yanga. Ni mapointi. Nenze kulemba malipoti atatu wiki imodzi. Nizakonza manje manje."

"Chinangu ni ichi. Chifukwa chani mwayambira 2021?"

"Ba cheya, ba Mutumba, anati nionetse vamene bungwe yachita kuchokera pamene inayamba. Inayamba 2021."

"Kuonetsa vamene yachita si mulandu. Koma patsamba loyamba mwalemba ati tachoka mu mavuto na marumu yachepa. Iyo 2021 inali chaka ya maliro, ba Dabwitso. Olo ine nikagulitsa rumu imodzi lelo, mailo ziwiri, nakwera 100 peresenti. Nimange yina?"

A Dabwitso sanakangane naye. Anati 2019 anaiika patebulo dala, chifukwa mumtima ankadziwa kuti wina adzaifunsa. Koma mawu a patsamba loyamba sangawasinthe popanda mwini lipoti. "Ni mulamu wanu," anatero. "Mukakambe nao imwe. Ine nikakamba azati nifuna kuwonjezera bilu."

Lonah anayenda wapansi mpaka kuloji ya a Mutumba. Anawapeza pambali pa dziwe akukalipira munthu wokonza pampu. Ndi bambo wamtali, wa mawu aakulu, wokonda kuseka ndi kudyetsa anthu. Atamuona anatambasula manja.

"Ba odita afika! Bweretsani mupando. Mulamu, mwasaina?"

"Nikalibe."

Anayamba ndi nkhani ya mapointi, chifukwa inali yopepuka. A Mutumba anamvetsera, nkhope ikuwala pang'onopang'ono.

"So mukamba ati si 27, ni 150? Dabwitso anatidyera? Mwaona, ndiye chifukwa tinasankha imwe. Lembani 150 ponseponse!"

Kenako anawaonetsa mzere wa 2019. Kuwala kuja kunazima.

"Iyo ni mbiri yakale, mulamu. Bungwe kunalibe."

"Maloji yanaliko. Marumu ni yamene aya."

"2019 inali chaka ya mwayi. Simungalinganize na chaka ya mwayi."

"Mwayi uti? Kunali chilala. Mathithi yanauma mbali yathu, malaiti yenze kuyenda tsiku lonse, imwe mweka munagula jenereta. Inali chaka wamba, kapena kuchepera. Ndiye yamene tikalibe kufikako."

A Mutumba anakhala pansi. Anati iwo sananame, nambala iliyonse m'lipotimo ndi yoona. Lonah anavomera kuti nambala ndi zoona, koma mawu omangidwa pamwamba pake si oona. Membala wa zipinda zinayi akamva kuti alendo akwera ndi 150 peresenti ndipo zipinda zachepa, apita kukasaina kwa obwereketsa, amanga zipinda zina ziwiri, pamene zinayi zomwe ali nazo sizidzaza monga zinkadzazira kale.

"Anthu afuna chiyembekezo," anatero a Mutumba. "Munaona mwamene tinalili. Nikaime pa miting'i niwauze ati tikali pansi?"

"Muwauze vonse viwiri. Tachoka patali, koma tikalibe kufika."

"Na mavoti yanga?"

Lonah anaika chala pa mzere wa 2019. A Mutumba anauwerenganso. Kenako anati chabwino, 2019 ilowa patsamba loyamba, alankhula ndi Dabwitso iwo eni. Anamuitanira takisi n'kumuuza kuti Lachisanu kukubwera gulu la kwaya kuchokera ku Lusaka, asanu ndi mmodzi adzagona kwa iye. Sananene kuti zinthu ziwirizi n'zogwirizana. Mwina m'mutu mwawo sizinali zogwirizana. Lonah anazimva pamodzi.

Lachinayi lipoti lokonzedwa linafika ndi woyendetsa takisi. Tsamba loyamba linali litasintha. Linkati alendo akwera ndi 150 peresenti kuchokera mu 2021, ndipo poyerekeza ndi 2019, pamene kudzaza kwa zipinda kunali 60 peresenti, lero kuli pa 45, kutanthauza kuti maloji atsala ndi 15 peresenti yokha kuti abwerere mwakale. Pansi pake ganizo lowonjezera zipinda linali pomwepo.

Lonah anawerenga chiganizocho kawiri. Anaimbira a Dabwitso, ndipo iwo anati mawuwo anachita kuuzidwa pafoni, anayesa kufotokoza koma a cheya anati 60 kuchotsa 45 ndi 15, ngakhale mwana wa giredi 3 akudziwa. Lonah anaika lipoti m'chikwama n'kupitanso kutauni.

Ulendo uno a Mutumba anali mu ofesi, ndipo sanaitanitse mpando.

"Ni chani futi? 2019 naikamo. Munafuna 2019, iyo apo."

"Mwaikamo, zikomo. Koma 15 iyi ni mapointi. Kuchoka pa 60 kufika pa 45 tataya 15 pa 60. Ni kota. Ni 25 peresenti. Ni chimodzimodzi na alendo, 40,000 kufika 30,000."

"15, 25, kusiyana kwake ni chani? Vonse ni pansi."

"Pamene napeza ati 27 ni 150 munakondwera, ba mulamu. Munati nilembe ponseponse. Masamu ni yamene yaja. Siyangakhale yabwino pokwera, yoipa potsika."

"Imwe mufuna chabe nioneke wolephera."

"Awe. Lembani ati tatsika na mapointi 15, nizasaina. Lembani ati tatsika na 25 peresenti, nizasaina. Koma 15 peresenti siniziba kwamene yachokera. Na kuchoka pa 45 kubwerera pa 60 tifunika kukwera na gawo limodzi pa atatu, 33 peresenti. Munthu akawerenga ati kwatsala 15 peresenti azaganiza ni pafupi."

A Mutumba anaimirira n'kutseka chitseko, kuti wa pa risepishoni asamve. Analankhula motsitsa mawu, zimene sachita kawirikawiri. Anati pamaliro a Litia sanafunse kuti bokosi ndi maperesenti angati. Anati pamene achibale ankafuna makiyi a loji, iwo sanatenge pensulo. Anati sanapemphepo kanthu kwa mkazi wa mng'ono wawo, ndipo lero akupempha dzina lake papepala, pa nkhani ya mawu amodzi amene palibe membala ndi mmodzi yemwe angawazindikire.

Zonsezi zinali zoona, ndipo Lonah ankadziwa zimenezo. Anaganiza za zipinda zake, za Namasiku amene amamuthandiza kuchapa ndi kuyala mabedi ndipo ali ndi ana atatu, za mwana wake wamkulu amene anali kukoleji. Anaganizanso kuti mwina n'zoona palibe angazindikire. Koma ndiye chifukwa chake anamuika pa udindowo, kuti aziona zimene ena saona. Akasaina, dzina lake lidzauza mamembala kuti munthu wodziwa waona ndipo zili bwino.

"Vamene munanichitira siningabweze, ba mulamu," anatero. "Pemphani china. Ichi siningasaine."

"Ndiye pitani."

Anatuluka. Panja dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo ulendo uno palibe anamuitanira takisi. Lachisanu anayala mabedi asanu ndi limodzi, kuika sopo ndi matawulo, koma a kwaya a ku Lusaka sanafike. Anamva pambuyo pake kuti anagona kuloji ina ku Maramba.

A Mutumba akanatha kufuna membala wina woti asaine, koma lamulo linkati wounika amasankhidwa ndi msonkhano, ndipo kusintha munthu kutatsala tsiku limodzi kukanadzutsa mafunso oposa a m'lipotimo. Madzulo a Lachisanu lomwelo a Dabwitso anabwera okha ku Libuyu ndi lipoti lachitatu. Tsamba loyamba linkati alendo akwera ndi 150 peresenti kuchokera mu 2021, chaka chimene malonda anali pansi kwambiri, koma akadali otsika ndi 25 peresenti poyerekeza ndi 2019, ndipo kudzaza kwa zipinda kwatsika ndi mapointi 15, kuchoka pa 60 kufika pa 45. Mawu akuti zipinda zachepa anali atachotsedwa. Ganizo lobwereka linatsala, koma lopanda nambala yolichirikiza.

"Anavomera?" anafunsa Lonah.

"Anati chitani vamene afuna madamu. Sananipatseko na madzi yakumwa."

Lonah anawerenga tsamba lililonse, n'kusaina.

Msonkhano unachitikira m'holo ya tchalitchi. A Mutumba anawerenga lipoti ataimirira. Pa 150 peresenti anthu anaomba m'manja. Pa 25 peresenti anawerenga mofulumira, maso ali papepala, ndipo palibe anaomba m'manja. Bambo wina wa loji ya zipinda zinayi anaimika dzanja.

"Ba cheya, iyo ya 25 ndiye namvera. Mukazi wanga amanifunsa ati ngati vinthu vakwera, ndalama uyika kuti? Nipatseniko kope nikamuonetse."

Anthu anaseka, ndipo ena anayamba kunena za zipinda zawo zimene zimakhala zotseka kuyambira Januwale mpaka Isitala. Ganizo lowonjezera zipinda analiimitsa kuti adzalionenso chaka chamawa. Pa chisankho a Mutumba anapambana, pakuti anthu ankawakonda ndipo ankakumbukira amene anawasonkhanitsa nthawi ya mavuto. Lonah nayenso anawavotera. Mamembala anamusankhanso iye kukhala wounika malipoti, popanda wopikisana naye.

Potuluka anakumana pakhomo. Lonah anawayamikira. A Mutumba anayankha kuti zikomo, Mayi Mukatimui, n'kupitirira kukalowa m'galimoto. Chiyambire ukwati wake anali asanamutchulepo choncho.

Mpando a Mutumba sanautaye, koma ganizo lawo lalikulu linafera pamaso pa anthu, ndipo ankadziwa amene analipha. Sanachite phokoso. Sanamunenere zoipa kwa munthu. Ana a Litia akapita kwa a Mutumba amawalandira monga kale, n'kuwapatsa nkhuku yonyamula. Foni yokha ija ndiyo inasiya kulira. Pa Isitala, madzi atadzaza kumathithi ndipo tauni yonse ili ndi alendo, matakisi ochokera kwa a Mutumba ankapita ku Maramba. Kwa Lonah kunagona anthu m'zipinda zitatu zokha.

Namasiku anamuuza maganizo ake akupinda nsalu, kuti zikanakhala bwino akanangosaina.

"Ba Lonah, sembe munasaina chabe. Pepala siidya."

"Sembe nasaina."

"Manje?"

"Manje uzabwera Mande, Wenizide na Fraide. Vikasintha nizakuitana masiku yonse."

Namasiku anapinda nsalu yotsala. Anayamba kugulitsa vitumbuwa pamsika masiku enawo, ndipo moni wake kwa Lonah unafupika.

Lonah sanapite kukapepesa, ndipo sanapite kukadandaula kwa akulu a banja, ngakhale ena anamulangiza kutero. Anati palibe mlandu woti akulu aweruze: alendo ndi a a Mutumba, ali ndi ufulu wowatumiza kumene afuna. Anasindikiza timakadi ta loji yake n'kuyamba kupita yekha kusiteshoni ya mabasi masana, nthawi imene mabasi a ku Lusaka ndi ku Sesheke amafika. Mayi wa zaka makumi asanu, amene kale ankakhala mu ofesi yozizira ya hotela, amaima pakati pa oitanira matakisi ndi kufunsa otsika ngati ali ndi pogona. Amalonda a ku Kazungula ena anazolowera kwa iye chifukwa madzi otentha sasowa. Aphunzitsi obwera kumisonkhano nawonso amabwera apo ndi apo. Sizinafike pamene zinalili. Miyezi yabwino zipinda zinayi zimagonedwa, miyezi yoipa ziwiri.

Chipinda chakumapeto anachichotsa pa malonda. Anatulutsamo bedi n'kubwereketsa chipindacho kwa telala wina wa m'dera lomwelo, amene amalipira pamwezi ndipo makina ake amamveka kuyambira m'mawa. Woyendetsa takisi wina wa kusiteshoni, amene anamva nkhani yonse, amamuseka akamuona ndi timakadi take.

"Ba odita! Lelo tili pa maperesenti angati?"

"Pa rumu ziwiri," amayankha Lonah. "Ukanibweretsera munthu zizakhala zitatu."